Bimu yakuya: kumene matani 240 amadutsa m'kati mwa konkire

Mwini nyumba yosanjikiza akufuna kuti pansi pakhale sitolo yotakasuka, yopanda chipilala pakati, magalimoto a katundu azilowa mosavuta. Pamwamba pake akufuna maofesi angapo osanjikizana, ndipo pulani ya maofesiwo ili ndi chipilala chomwe chikutsikira ndendende pamene iye sakuchifuna. Nkhani yotere si yachilendo m'mizinda imene ikukula ngati Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka. Injiniya amaithetsa podula chipilalacho chisanafike pansi n'kuchikhazika pa bimu yaikulu ya konkire, yomwe imalandira katundu yense wa pamwamba pa malo amodzi n'kumugawira ku zipilala ziwiri za m'mbali.

Bimu yotereyi siikhala yowonda ngati imene timaiona pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Imakhala yaifupi m'litali koma yaitali msinkhu, moti munthu wosadziwa angaiyese khoma. Akatswiri amaitcha bimu yakuya. Malamulo omangira a ku Ulaya, a Eurocode 2, amati bimu ndi yakuya ngati mpata umene yadumpha sukukwana katatu msinkhu wake. A ku America, a ACI 318, amaika malire pa kanayi, ndipo amawonjezera kuti bimu iliyonse imene katundu wolemera waikhalira pafupi ndi chipilala, pa mtunda wosapitirira kawiri msinkhu wake, iziwerengedwanso chimodzimodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti bimu yakuya imaoneka yamphamvu kwambiri, ndipo maonekedwewo amagonetsa anthu tulo. Pakati pake pamakhaladi polimba. Pofooka pake ndi kumapeto, pamene zitsulo zimathera pamwamba pa chipilala, malo amene omanga ambiri sawalabadira chifukwa anazolowera kuti ngozi ya bimu ili pakati.

Chizolowezicho sichinangochokera m'mutu. Bimu wamba ikasenza katundu imapindika pang'ono, pamwamba pake pamapanikizika, pansi pake pamakokeka. Konkire amapirira kupanikizidwa koma kukokedwa sakugwirizana nako, amang'ambika ndi mphamvu yosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 8 a imene angapirire popanikizidwa. N'chifukwa chake timaika zitsulo pansi. Pa bimu yowonda, kukokako kumakula pakati n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka kutheratu pa zipilala. Motero injiniya amaunjika zitsulo pakati, zina n'kuzidula zisanafike kumapeto, ndipo salakwa. Masamu onsewo atsamira pa ganizo limodzi: kuti bimu ikamapindika, mzere wowongoka umene mungajambule kuchokera pamwamba kufika pansi umakhalabe wowongoka, umangopendekeka.

Ganizo limeneli limagwira ntchito patali ndi pamene katundu wakhala. Pafupi ndi katundu wounjikana pa malo amodzi, kapena pafupi ndi chipilala, mphamvu zimayenda mokhotakhota ndipo mzere uja suwongokanso. Katswiri wa ku France, Saint-Venant, anaonetsa m'ma 1850 kuti chisokonezo chotere chimatha ukachoka pamalopo mtunda wofanana ndi kukula kwa chinthucho. Ndiye taganizani bimu ya msinkhu wa mamita 1.8 imene chipilala chaikhalira pakati, mamita 2 kuchokera mbali iliyonse. Chisokonezo chochokera pa katundu chikukumana ndi chochokera pa chipilala cha pansi. Palibe ngakhale kachigawo kamodzi ka bimuyo komwe masamu a bimu wamba angagwire.

Thirasi yobisika

Njira imene imagwira pamenepa ndi yakale ndithu. Mu 1899 Wilhelm Ritter wa ku Zurich, ndipo posakhalitsa Emil Mörsch, anaona kuti bimu ya konkire ikang'aluka imasenza katundu ngati thirasi: mbali zina za konkire zimakankha, zitsulo zimakoka. Ganizoli linakhala zaka zambiri likugwiritsidwa ntchito powerengera maring'i okha. Mu 1987 Jörg Schlaich, Kurt Schäfer ndi Mattias Jennewein a ku yunivesite ya Stuttgart ku Germany analikulitsa kuti lizigwira malo onse ovuta a konkire, ndipo lero lili m'malamulo omangira a maiko ambiri. A ACI analilowetsa m'buku lawo mu 2002. Mainjiniya amaitchula kuti njira ya sitirati ndi tayi, ndipo muno tizinena kuti mchirikizo ndi chomangira.

Aliyense amene anaonapo denga likukhomedwa akuidziwa kale. Mitengo iwiri yopendekeka imakumana pa msonga, ndipo m'munsi mwake muli mtanda wogona wolumikiza mapazi ake. Mukalemetsa pa msongapo, mitengo iwiri ija imafuna kutangadza, kukankhira makoma kunja. Choiletsa ndi mtanda wa pansi. Ndipo mmisiri aliyense amadziwa kuti mtandawo ngakhale ukhale wa mlombwa, ngati misomali ya kumapeto yazuka, denga lakhala pansi.

M'kati mwa bimu yakuya muli thirasi yomweyo, kungoti maso saiona. Katundu wa chipilala cha pamwamba satsata bimu m'litali, amadula njira yachidule: amatsetsereka mopendekeka m'kati mwa konkire kulunjika pa chipilala cha kumanzere ndi cha kumanja. Mizere iwiri ya konkire wopanikizikayo ndiyo michirikizo. Zitsulo za pansi zoletsa mapazi a michirikizo kutangadza ndizo chomangira. Pamene zimakumana, pamwamba pamodzi ndi pansi pawiri, tipatche mphambano. Ntchito ya injiniya ndi kujambula thirasi imeneyi pa pepala, kupeza mphamvu imene ili m'chiwalo chilichonse, kenako kufunsa chiwalo chilichonse ngati chikwanitse.

Tiyeni tiwerengere bimu imodzi

Titenge bimu ya msinkhu wa mamita 1.8, yonenepa masentimita 40, yokhala pa zipilala ziwiri zotalikirana mamita 4 kuchokera pakati pa china kufika pakati pa chinzake. Zipilala zonse, cha pamwamba ndi za pansi, ndi za masentimita 40 mbali zonse. Cha pamwamba chikubweretsa makilonyutoni 2,400, titawonjezera kale gawo lachitetezo limene malamulo amafuna. Makilonyutoni 10 ndi pafupifupi tani imodzi, choncho tingonena kuti matani 240. Bimuyo payokha ikulemera matani osakwana 8. Injiniya amawawonjezera, koma ife tiwasiye kuti manambala asatisokoneze.

Popeza katundu wakhala pakati penipeni, chipilala chilichonse cha pansi chilandira theka, matani 120.

Tsopano msinkhu wa thirasi yathu. Siungakhale mamita 1.8 onse, chifukwa zitsulo sizikhala pa khungu la bimu, ndipo mphambano ya pamwamba nayo imafuna malo. Tiike pakati pa zitsulo masentimita 15 kuchokera pansi, ndi pakati pa mphambano ya pamwamba masentimita 15 kuchokera pamwamba. Patsala mamita 1.5. Ndiye mchirikizo uliwonse ukutsika mamita 1.5 pamene ukuyenda mamita 2 cham'mbali, ndipo utali wake ndi mamita 2.5. Amisiri amene amakonza ngodya ya maziko ndi chingwe cha 3, 4, 5 azindikira msanga kuti ndi muyeso womwewo, ndipo ndasankha dala kuti masamu aphweke.

Mphamvu zimatsata muyeso wa mbali zitatuzo. Mbali yoimirira, ya 3, ikuimira matani 120 opita m'chipilala. Ndiye gawo limodzi ndi matani 40. Mbali yogona, ya 4, ndi matani 160: kumeneko ndiko kukoka kwa chomangira. Mbali yopendekeka, ya 5, ndi matani 200: kukankha kwa mchirikizo. Kwa amene amakonda kuziona zolembedwa mwachidule:

```
R = 2400 / 2        = 1200 kN
T = R × 2.0 / 1.5   = 1600 kN
C = R × 2.5 / 1.5   = 2000 kN
```

Taonani kuti mchirikizo wasenza matani 200 pamene chipilala chake chikulandira 120 okha. Kupendekeka kumadula mtengo. Mchirikizo ukamagona kwambiri, mphamvu za m'kati mwake ndi za m'chomangira zimakwera msanga. Wathuwu wapendekeka madigiri 37, zomwe zili bwino. A ACI salola kuti ngodya ya pakati pa mchirikizo ndi chomangira ichepere madigiri 25. Chipilala cha pamwamba chitasunthidwa kufika mita imodzi kuchokera kumanzere, cha kumanzere chingalandire matani 180, cha kumanja 60, ndipo mchirikizo wa kumanja ungagone mpaka madigiri 27, pakhomo penipeni pa malire. Zikafika apo injiniya amajambula thirasi ina yokhala ndi zomangira zoimirira, zomwe ndi maring'i, kuti katundu atsike m'masitepe awiri.

Zitsulo zingati? Chitsulo cha Y25 cha giredi 500, titachotsa gawo lachitetezo, chimakhulupiriridwa kukoka matani 21 ndi pang'ono. Matani 160 akufuna zitsulo zisanu ndi ziwiri ndi theka, ndiye tiika 8, m'mizere iwiri ya zinayizinayi, mzere wina masentimita 10 kuchokera pansi, wina masentimita 20.

Mpaka pano munthu wowerengera ndi masamu a bimu wamba akanapeza pafupifupi zitsulo zomwezi pakati pa bimu. Kusiyana kukubwera tsopano, ndipo ndiwo mtima wa nkhani yonse. Masamu a bimu wamba akanamuuza kuti mita imodzi kuchokera pa chipilala kukoka kwatsika kufika theka, ndipo pa chipilala penipeni kwatheratu. Akanadula zitsulo zinayi panjira kuti apulumutse ndalama, ndipo zinayi zotsalazo akanangozilowetsa pang'ono pamwamba pa chipilala. Koma thirasi yathu ilibe chiwalo china chilichonse pakati pa mphambano ziwiri za pansi chimene chingachotseko kukokako. Bimu ikang'aluka, matani 160 ali pakati, ali pa mita imodzi, alinso pa nkhope ya chipilala. Zitsulo zonse 8 ziyenera kuyenda kuchokera kumapeto kufika kumapeto, ndipo matani 160 onsewo ayenera kutulidwa m'konkire wa pamwamba pa chipilala.

Apa ndiye pali vuto lenileni. Chitsulo chimagwira konkire ndi mizeremizere ya pa khungu lake, pang'onopang'ono, sentimita ndi sentimita. Cha Y25 m'konkire wa C30 chimafuna pafupifupi masentimita 85 mpaka 90 kuti chitule mphamvu yake yonse chili chowongoka. Kuwerenga kumayambira pa nkhope ya m'kati ya chipilala. Chipilala chathu ndi cha masentimita 40, ndipo tikachotsa konkire wophimba chitsulo kumapeto, patsala 35 kapena 36. Sitinafike ngakhale theka.

Njira zothetsera zilipo zingapo, ndipo zonse zimaoneka ndi maso bimu isanathiridwe. Ngati malo alola, bimu ipitirire kunja kwa chipilala theka la mita kapena kuposa. Ngati salola, zitsulo zimapindidwa. Ambiri amakonda kuzipinda chogona, ngati chilembo cha U chokumbatira konkire wa pamwamba pa chipilala, chifukwa katundu wotsika amachipana chipindikocho pamwamba ndi pansi n'kuchithandiza kugwira. Zopindira m'mwamba zimagwiranso, koma chipindikocho chiyenera kukhala chachikulu, chozungulira bwino. Chikakhala chakuthwa, chitsulo chimaphwanya konkire wa m'kati mwa ngodya yake ndipo chimatha kusenda mbali ya bimu. Njira ina ndi kumangirira mbale yachitsulo kumapeto kwa chitsulo chilichonse, kuti chikamakokedwa mbaleyo izikankha konkire. Chimene sichiloledwa ndi chitsulo chongothera chowongoka pamwamba pa chipilala, ngakhale kuti n'chimene chimafulumira kumanga.

Konkire naye afunsidwe

Konkire wa C30 ndi amene, akayesedwa pa masiku 28, amapirira makilogalamu pafupifupi 300 pa sikweya sentimita imodzi. Injiniya sakhulupirira onsewo. Akatsata manambala a Eurocode 2, pa mphambano ya pamwamba, pamene konkire wapanikizidwa mbali zonse, amalola pafupifupi 176. Pa mphambano ya pansi, pamene zitsulo zikumukoka konkireyo kwinaku akupanikizidwa, amalola 150. M'thupi la mchirikizo wong'aluka, 106 okha. Konkire ndi mmodzi yemweyo, koma mphamvu yake imadalira chimene chikumuchitikira cham'mbali.

Pansi pa chipilala cha pamwamba, matani 240 akhala pa masikweya sentimita 1,600. Ndiwo makilogalamu 150 pa iliyonse, pansi pa 176, ndiye tadutsa, ngakhale mpata si waukulu. Pa zipilala za pansi ndi theka la pamenepo, 75, palibe chodandaulitsa. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi phazi la mchirikizo. Kukula kwa phazilo kumachokera ku zinthu ziwiri: kukula kwa chipilala chimene laponda, ndi msinkhu wa dera limene zitsulo zamwazikamo. Chipilala cha masentimita 40 ndi dera la zitsulo la masentimita 30 zimapatsa phazi la masentimita 48. Matani 200 pa phazi la 48 m'bimu yonenepa 40 ndi makilogalamu 104 pa sikweya sentimita. Zili bwino.

Ndiye tiyerekeze kuti mwini nyumba waona kuti zipilala za m'sitolo zanenepa kwambiri n'kupempha kuti zikhale za masentimita 20 kumbali imene bimu yagonera. Womanga zitsulo naye, pofuna kuti zimangike msanga, wathithikiza mizere iwiri ija pansi, dera lake latsala masentimita 15. Chitsulo sichinachepe ngakhale chimodzi, simenti ndi yomweyo, bimu msinkhu wake ndi womwewo. Koma phazi la mchirikizo latsika kufika masentimita 24, ndipo kupanikizika kwakwera kufika pafupifupi 200, kudumpha malire a 150 ndi patali. Malo ogwirira zitsulo nawo atsala chala. Zosintha ziwiri zimene aliyense pamalopo angati n'zazing'ono zachotsa chitetezo cha bimu yonse. Pachifukwa chimenechi ndimaona kuti njirayi ikanamaphunzitsidwa akapitawo ndi omanga zitsulo, osati mainjiniya okha. Munthu amene waona thirasiyo pa pepala sangathithikize zitsulo mwachisawawa.

Pali chinanso chimene mzere wowongoka wa pa pepala umabisa. Mchirikizo weniweni sukhala wofanana kukula kuyambira pamwamba mpaka pansi. Umachoka pa mphambano uli wopapatiza, pakati n'kufufuma chifukwa konkire wa m'mbali alipo wambiri, kenako n'kupapatizanso pofika pa phazi. Mphamvu zikamafalikira chonchi zimakoka konkire chopingasa, kufuna kuwaza mchirikizo m'litali mwake. Kukokako kumatha kufika gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a mphamvu ya mchirikizo. M'bimu yathu ndi pafupifupi matani 40 kufupi ndi nsonga iliyonse. Pamwamba, pamene mchirikizo wapapatiza kufika masentimita 36, kupanikizika ndi 139. Mphambano ikupirira, koma n'zoposa 106 uja, ndiye mchirikizowu sungasiyidwe wokha.

Chouthandiza ndi ukonde wa zitsulo zing'onozing'ono, zoimirira ndi zogona, m'mbali zonse ziwiri za bimu. Kwa ife Y12 pa masentimita 20 aliwonse akukwanira. Malamulo onse awiri aja salola kuti zitsulo za ukondewu zitalikirane kuposa masentimita 30. Pa ntchito, ukonde umenewu ndiwo umayamba kudyedwa ndalama zikachepa, poganiza kuti ndi wongogwiriza maring'i kuti asagwe pothira konkire. Ukondewo suletsa mng'alu kubwera. Ntchito yake ndi kuugwira mng'aluwo kuti usayasame, uzigawika kukhala ting'onoting'ono tambiri, ndipo bimu ikhale ndi nthawi yochenjeza anthu m'malo mothyoka mwadzidzidzi.

Zimene ming'alu imanena

Bimu yakuya imalankhula ndi ming'alu, ndipo ming'aluyo siifanana kuopsa. Timing'alu toimirira, topyapyala ngati tsitsi, pansi pakatikati pa bimu, timangosonyeza kuti zitsulo zayamba ntchito. Malinga ngati sitikupitirira mamilimita 0.3 ndipo sitikukula, si tochititsa mantha. Mng'alu wopendekeka, wochokera pa nkhope ya m'kati ya chipilala cha pansi kulunjika ku chipilala cha pamwamba, ukujambula njira ya mchirikizo ndipo ukutanthauza kuti kuwaza kuja kwayamba. Bimu yokhala ndi ukonde wokwanira imatha kusenzabe katundu wochuluka mng'alu woterewu utaoneka, koma woweruza akhale injiniya, osati wopaka pulasitala. Oopsa kwambiri ndi awiri: mng'alu wogona wotsata zitsulo za pansi pafupi ndi chipilala, womwe ukunena kuti zitsulo zikupulumuka, ndi konkire wosendeka kapena wonyenyeka pa mphambano, yemwe akunena kuti akuphwanyika. Ziwirizi sizipereka nthawi yaitali. Bimu yowonda imayamba yagwada anthu n'kuiona, pamene yakuya siipindika mooneka ndi maso mpaka tsiku lomaliza.

Ming'alu ina timaiitana tokha. Bimu ya mamita 1.8 imatsekereza njira ya mapaipi ndi mawaya, ndipo pulambala akafika mochedwa amayang'ana pobowola. Pakati pa bimu amapaopa, pansi akudziwa kuti pali zitsulo, ndiye amasankha chapakati pa msinkhu, mita imodzi kuchokera pa chipilala, pamene akuganiza kuti ndi konkire wopanda ntchito. Pamenepo ndi pamsana penipeni pa mchirikizo, pamene matani 200 akudutsa. Zodabwitsa n'zakuti malo amene bowo laling'ono lingavutitse pang'ono ndi amene iye amawaopa: chapakati pa bimu, pamwamba pa zitsulo, m'kati mwa ngodya zitatu zija. Ngakhale pamenepo bowolo lizikhala la pa pulani, loikidwa konkire asanathiridwe. Bowo likakhala kuti silingapewe mchirikizo, injiniya amajambula thirasi yatsopano yolizungulira, ndipo zomangira zatsopano zimene thirasiyo yaonetsa zimafuna zitsulo zakezake.

Chimodzimodzi katundu akamangiriridwa kunsi kwa bimu m'malo mokhala pamwamba, monga bimu ina ikalowa m'mbali mwake chakumunsi. Michirikizo imayambira pamwamba, choncho katunduyo ayenera kukwezedwa kaye ndi maring'i okwanira kumunyamula yense mpaka pa mphambano ya pamwamba. Kungoyang'ana thirasi kumaulula zimenezi nthawi yomweyo.

Pomaliza pali kathiridwe. Pa mphambano za pansi pamakumana zitsulo 8 zopindika, zitsulo za chipilala, maring'i ndi ukonde, zonse m'bokosi lakuya mamita 1.8. Konkire wothiridwa kuchokera pamwamba amatha kukodwa, miyala ya kwale n'kutsekereza mipata, pansi n'kutsala mphako. Matabwa akachotsedwa mumaona miyala yopanda dothi la simenti pa ngodya, ndipo wina amathamangira kumata akuluakulu asanaone. Kumatako kumabisa chilema pamalo amene bimu yonse yatsamira. Mipata ya pakati pa zitsulo iyenera kuposa kukula kwa mwala, konkire athiridwe m'magawo osapitirira theka la mita, ndipo vaibureta ifike mpaka pansi pa ngodya iliyonse.

Malire a njirayi

Wina angafunse kuti, popeza thirasiyo ndi yongojambula, bwanji mainjiniya awiri atajambula zosiyana? Zimachitika, ndipo onse awiri akhoza kukhoza. Chiphunzitso chimene njirayi yaimapo chimati ngati mwapeza njira iliyonse yoti katundu afike pansi, mphamvu zonse zikulingana pa mphambano iliyonse, palibe chiwalo chopitirira muyeso wake, ndipo chomangacho chikutha kupindika pang'ono osathyoka, ndiye kuti chidzasenza katunduyo kapena woposerapo. Mawu ovuta ndi akuti kupindika pang'ono osathyoka, chifukwa konkire kuleza mtima kwake n'kochepa. Mukamujambulira njira yotalikirana ndi imene mphamvu zikufuna kudutsa mwachibadwa, adzang'aluka kwambiri asanaitsate, mwinanso kuthyoka asanafikeko. N'chifukwa chake Schlaich ndi anzake analangiza kuti thirasi itsate mmene mphamvu zimayendera m'konkire wosang'aluka, ndipo pa mathirasi angapo otheka, isankhidwe ya zomangira zochepa ndi zazifupi. Njirayi siinenanso kuti mng'alu udzakula bwanji pa katundu wa masiku onse, kapena kuti bimu idzatsika mamilimita angati. Zimenezo zimawerengedwa padera.

Masiku ano kompyuta imajambula mphamvu za m'bimu ndi mitundu yokongola, ndipo ena amaona ngati thirasi ya pensulo yatha ntchito. Ine ndimaona mosiyana, ndipo chimene chinachitika ku Norway chimandilimbitsa. Pa 23 Ogasiti 1991, tsinde la konkire la nsanja yokumbira gasi ya Sleipner A linamira m'nyanja pafupi ndi Stavanger pamene ankaliyesa asanalikhazike nyumba zake pamwamba. Palibe anamwalira, koma chomangacho chinatheratu. Ofufuza anapeza kuti masamu a pa kompyuta anachepetsa pafupifupi ndi theka mphamvu yodula imene inali pamene makoma amakumana, ndipo zitsulo za pamalopo zinali zazifupi, zinathera pamene zinkafunika kugwirabe. Sinali bimu yakuya, koma anali malo a mtundu womwewo, kumene masamu a bimu wamba sagwira ndipo funso lalikulu ndi lakuti chitsulo chathera pati. Thirasi ya pa pepala imamukakamiza munthu kufunsa funso limenelo, chifukwa mzere uliwonse wa chomangira uyenera kuthera pa mphambano.

Inu amene mukumangitsa nyumba yokhala ndi chipilala chothera pa bimu, simukuyenera kudziwa masamu onsewa. Pemphani injiniya wanu akujambulireni pa pepala njira imene katundu adzadutse, ndipo akusonyezeni malo amene sipayenera kubowoledwa. Musalole kusintha kukula kwa chipilala kapena kusuntha malo ake iye asanawerengerenso. Ndipo tsiku lothira konkire, matabwa a mbali yomaliza asanakhomedwe, kwerani naye limodzi mukaone kumapeto onse awiri. Werengani zitsulo za pansi pakati pa bimu, muziwerengenso pamwamba pa chipilala, nambala ikhale imodzi. Onani ngati zapindidwa monga pulani ikunenera, ngati mizere yake yatalikirana, ndiponso ngati ukonde uli mbali zonse ziwiri. Chimodzi chikasowa, galimoto ya konkire idikire.